Nambala ya P/E: musayeze tomato ndi chigayo pa sikelo imodzi

Sabata yatha mayi wina wogulitsa zitenje mumsika wa Limbe anandionetsa pepala la mitengo ya masheya limene mwana wake anamutumizira pa foni. Mayiyu wasunga K600,000 kuchokera ku chipeleganyu ndi ku banki m'khonde, ndipo akufuna kuti ndalamayi isangokhala. Pa pepalapo panali mzere wolembedwa P/E, ndipo wina anamuuza kuti nambala imeneyi ikakhala yaing'ono ndiye kuti sheyayo ndi yotchipa. Iye anali atasankha kale kampani imene nambala yake inali yotsika kuposa onse. Funso lake linali lakuti, "Kodi ndalakwitsa?"

Yankho lalifupi ndi lakuti mwina sanalakwitse, koma nambalayo payokha siingamuuze. P/E imathandiza mukamayerekeza banki ndi banki inzake. Mukayamba kuyerekeza banki ndi kampani ya shuga, kapena kampani ya mafoni ndi ya nyumba za lendi, nambala yomweyo ikhoza kukusocheretsani mpaka kutaya theka la mpamba wanu. Lero tione chifukwa chake, ndipo tiwerengera limodzi ndi K600,000 ya mayi uja.

Kodi P/E imayeza chiyani?

Tiyambire pa chinthu chimene nonse mumachidziwa. Mnzanu akusamuka ndipo akugulitsa okala yake pamodzi ndi katundu yense pa mtengo wa K3,000,000. Musanavomere, mufunsa kuti okalayo imabweretsa zingati. Mukaona m'kabuku kake mupeza kuti akachotsa ndalama yopikulira katundu, ya magetsi, ya chiphaso cha kukhonsolo ndi ya mnyamata wogulitsa, amatsala ndi K600,000 pa chaka. Pamenepo mumagawa K3,000,000 ndi K600,000, n'kupeza 5. Tanthauzo lake ndi lakuti okalayo ikamapanga phindu lomwelo chaka ndi chaka, idzabweza ndalama yanu pakatha zaka 5.

Nambala 5 imeneyi ndiyo P/E. Chilembo P chikuimira mtengo umene mukulipira, ndipo E ikuimira phindu. Kusiyana kwake pa msika wa masheya ndi kwakuti simukugula kampani yonse, mukugula kachidutswa, choncho phindu nalonso amaligawa tizidutswa. Amatenga phindu la chaka chonse la kampani atachotsa msonkho, n'kuligawa ndi chiwerengero cha masheya onse. Zotsatira zake ndi phindu la sheya imodzi, limene pa mapepala a makampani amalilemba kuti EPS.

```
EPS = phindu la chaka / masheya onse
P/E = mtengo wa sheya / EPS
```

Mwachitsanzo, kampani yapanga phindu la K30 biliyoni ndipo ili ndi masheya 1 biliyoni. Sheya iliyonse yapanga K30. Ngati sheyayo ikugulidwa pa K300 lero, P/E ndi 10. Mukulipira K10 kuti mugule K1 ya phindu la pa chaka.

Pali njira ina yoiwerengera imene amalonda ambiri amaimva msanga. Gawani 100 ndi P/E, mupeza phindu la pa K100 iliyonse imene mwaika. P/E ya 10 ikupereka K10 pa K100, ya 5 ikupereka K20, ndipo ya 25 ikupereka K4 yokha. Koma dziwani kuti ndalama imeneyi simuilandira yonse m'manja. Kampani imagawira eni masheya gawo chabe, lija amati dividendi, ndipo yotsalayo imaibwezera mu bizinesi.

Liwu limodzi limene limasokoneza zonse

Bwererani ku chiganizo cha okala chija. Ndinati okalayo "ikamapanga phindu lomwelo chaka ndi chaka". Vuto lonse la P/E lagona pa liwu lakuti lomwelo. Mtengo umene uli pamwamba pa samuyo ndi wa lero, koma phindu limene lili pansi ndi la chaka chatha. Nambalayo imangoganiza kuti chaka cha mawa chidzafanana ndi chatha. M'mabizinesi ena zimenezi zimayandikira choonadi. M'mabizinesi ena n'zabodza ndithu.

Ganizirani anthu awiri amene akukugulitsani bizinesi pa mtengo wofanana wa K3,000,000. Woyamba amaoda tomato ku Ntcheu n'kumagulitsa mu Blantyre. Chaka chatha mvula inaononga madimba a anthu ambiri, tomato anasowa, iye anali ndi alimi ake omupatsa katundu, ndipo anapanga K1,000,000. P/E yake ndi 3. Wachiwiri ali ndi chigayo pa tsika lina la kumudzi ndipo anapanga K400,000. P/E yake ndi 7.5. Pa pepala, bizinesi ya tomato ndi yotchipa kwambiri.

Palibe wamalonda wozindikira amene angagule tomatoyo asanafunse za zaka zina. Mukudziwa kuti pali zaka zimene tomato amachuluka mpaka kuwolera pa benchi, ndipo dengu limagulitsidwa pa mtengo wosabweza ndi thiransipoti yomwe. Chigayo chilinso ndi mavuto ake, monga kuzima kwa magetsi ndi zaka za njala, koma anthu amagayitsa mwezi uliwonse. K1 ya phindu la chigayo ndi K1 ya phindu la tomato wa chaka chosowa si zolemera mofanana. N'chifukwa chake ogula amavomera kulipira zambiri pa phindu lodalirika, n'kulipira zochepa pa phindu losinthasintha.

Pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre zili chimodzimodzi. Pali mabanki monga National Bank, Standard Bank, NBS ndi FDH. Pali makampani a mafoni, TNM ndi Airtel. Pali Illovo ya shuga, Sunbird ndi Blantyre Hotels a mahotela, komanso MPICO ndi ICON a nyumba za lendi. Onsewa amaikidwa pa pepala limodzi, mzere wa P/E n'kukhala umodzi, ngati kuti phindu lawo limabwera mofanana. Silibwera mofanana. Tione misampha itatu imene imabisala mumzere umenewu. Manambala amene ndigwiritse ntchito ndi ongoyerekeza kuti samu imveke, si a kampani ina iliyonse mwa amene ndatchulawa.

Msampha woyamba: chaka chabwino cha mlimi

Tinene kuti mayi wa zitenje uja ali ndi makampani awiri oti asankhepo, ndipo sheya ya iliyonse ikugulidwa pa K600. Ndi K600,000 yake angagule masheya 1,000, tikasiya kaye ndalama yolipira amene amamugulira. Yoyamba ndi kampani ya zaulimi imene chaka chatha inapanga K120 pa sheya, ndiye P/E yake ndi 5. Yachiwiri ndi banki imene inapanga K50 pa sheya, ndiye P/E yake ndi 12. Diso likuthamangira ku 5.

Tsopano titsegule mabuku a zaka zisanu. Kampani ya zaulimi inapanga K20, K45, K10, K55, kenako K120. Banki inapanga K22, K27, K33, K41, kenako K50. Mukaphatikiza zaka zisanu za kampani ya zaulimi mupeza K250, ndipo mukagawa ndi 5 mupeza K50 pa chaka. Gawani mtengo wa K600 ndi K50 imeneyi, P/E yasanduka 12. Kutchipa kuja kwatha. Kunali kwa chaka chimodzi chokha chimene mvula, mitengo ndi zokolola zinagwirizana.

Tiyeni tipitirize kuti muone pamene ndalama imatayikira. Chaka chotsatira madzi asefukira m'minda ndipo phindu latsika kufika pa K30 pa sheya. Mtengo ukanakhalabe K600, P/E ikanakhala 20, ndipo palibe amene angalipire zimenezo pa kampani yotere. Ogula akamangovomera kulipira kakhumi ka phindu, mtengo ugwa kufika pa K300. Masheya 1,000 a mayi uja tsopano ndi a K300,000. Theka la mpamba lapita, chikhalirecho anagula sheya imene inkaoneka yotchipa kuposa zonse.

Izi si nkhambakamwa. Minda ya nzimbe ya ku Nchalo ili m'chigwa cha Shire, kumene madzi anasefukira ndi namondwe wa Ana mu Januwale 2022 komanso wa Freddy mu Malichi 2023. Mahotela nawonso anaona zawo mu 2020, pamene mliri wa Covid-19 unaimitsa maulendo ndi misonkhano, zipinda n'kumagona zopanda anthu. Makampani odalira nyengo, alendo kapena mitengo ya kunja ali ndi khalidwe lodabwitsa. P/E yawo imaoneka yaing'ono kwambiri pamene phindu lafika pachimake, nthawi imene kugula n'koopsa, ndipo imaoneka yaikulu pamene zinthu zavuta, nthawi imene mwina mtengo ndi wabwino.

Musamve ngati ndikunena kuti banki ndiyo yabwino nthawi zonse. Phindu la banki yathu yongoyerekezayi likukula ndi pafupifupi 23 peresenti pa chaka, zimene zikumveka bwino mpaka mutakumbukira kuti mu 2023 ndi mu 2024 mitengo ya zinthu m'dziko muno inkakwera ndi oposa 25 peresenti pa chaka. Phindu lokula ndi 23 pamene sopo ndi mafuta zikukwera ndi 28 silikukula kwenikweni. Komanso gawo lalikulu la phindu la mabanki limachokera ku chiwongoladzanja, kuphatikizapo cha ndalama zimene amabwereketsa boma. Chiwongoladzanja chikatsika, kapena obwereka ambiri akalephera kubweza, phindulo limatsikanso. Mfundo ndi yakuti zimene zimagwedeza banki ndi zosiyana ndi zimene zimagwedeza munda, ndipo P/E siikuuzani chilichonse mwa ziwirizi.

Msampha wachiwiri: phindu la papepala

Amene muli ndi nyumba ya lendi mumvetsa msanga. Nyumba yanu ku Ndirande imabweretsa K50,000 pa mwezi, kutanthauza K600,000 pa chaka. Chaka chatha anthu ankati mukhoza kuigulitsa K10 miliyoni, chaka chino akuti K13 miliyoni. Kodi mwapanga phindu la K3,600,000? Mwanjira ina inde, pakuti chuma chanu chakwera. Koma K3,000,000 ija simungagulire ufa kapena kulipirira fizi pokhapokha mutagulitsa nyumbayo. Imene yalowa m'thumba ndi K600,000 basi.

Malamulo olembera mabuku a chuma amalola makampani a nyumba kuwerengera kukwera kwa mtengo wa nyumba zawo monga phindu la chaka chimenecho. Si chinyengo, ndi mmene amawerengera. Katswiri woyesa mitengo ya nyumba amanena kuti nyumbazo tsopano ndi za ndalama zakuti, ndipo kusiyana kwake ndi chaka chatha kumalowa m'phindu. Kampani ngati NITL, imene ntchito yake ndi kusunga masheya a makampani ena, imachitanso chimodzimodzi: masheya amene ikusunga akakwera mtengo, kukwerako kumaoneka ngati phindu. M'dziko limene mitengo ikukwera msanga, mzere umenewu umatha kukula kuposa lendi yeniyeni.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Sheya ya kampani ya nyumba ikugulidwa pa K20 ndipo phindu lake ndi K5 pa sheya. P/E ndi 4, yotsika kuposa ya zaulimi ija. Mukatsegula lipoti la pachaka mupeza kuti K3.50 mwa K5 imeneyi ndi kukwera kwa mtengo wa nyumba, ndipo K1.50 yokha ndiyo yochokera ku lendi. Gawani K20 ndi K1.50, mupeza 13 ndi kanthu pang'ono. Kampani imene inkaoneka yotchipa katatu kuposa banki yakhala yodulirapo kuposa bankiyo, mukangowerengera ndalama zimene zingagawidwe.

Mungazindikire bwanji? Mu lipoti yang'anani mzere umene uli ndi mawu akuti fair value gain kapena fair value adjustment. Chotsani ndalama ya pamzerewo pa phindu lonse, kenako muwerengerenso. Chizindikiro china chosavuta ndi dividendi. Kampani ikalengeza phindu lalikulu chaka ndi chaka koma n'kumagawa kachigawo kakang'ono kwambiri, funsani ngati phindulo ndi ndalama zenizeni. Onaninso ngati alendi akulipira. Lendi imene yalembedwa koma sinatoleredwe imawerengedwabe m'phindu, monga mmene ngongole za m'kabuku ka pa okala zimaonekera ngati malonda koma simungapikulire nazo katundu.

Msampha wachitatu: ngongole imene P/E siiona

Anthu awiri ali ndi maminibasi ofanana pa msewu wa Lilongwe ndi Salima. Woyamba anagula yake ndi ndalama zake. Wachiwiri anakongola gawo lalikulu la mtengo wake. Onse akachotsa zolipira akutsala ndi K2,000,000 pa chaka, ndipo onse akukuuzani kuti mulowe m'malo mwawo pa K10,000,000, koma kwa wachiwiriyo mutengenso ngongole yake. P/E ndi 5 konsekonse. Mwezi umene injini idzafe, woyamba angoimika galimoto n'kudikira. Wachiwiri wobwereketsa adzamugogodera pakhomo, galimoto iyende kapena isayende.

P/E imaona mtengo wa sheya ndi phindu, koma siifunsa kuti kampaniyo ili ndi ngongole zingati, kapena kuti ngongolezo ndi za ndalama ya dziko liti. Apa mpamene mitundu ya mabizinesi imasiyana kwambiri. Makampani a mafoni amagula zipangizo zawo kunja ndipo ambiri mwa amene amawapatsa zipangizo ndi ntchito amafuna madola, pamene makasitomala awo amagula mayunitsi ndi makwacha. Kwacha ikagwa, ngongole imakula usiku umodzi koma mtengo wa mayunitsi sukwera msanga chotero.

Mu Novembala 2023 Reserve Bank of Malawi inalengeza kuchepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Werengerani nokha. Kampani imene inali ndi ngongole ya madola 10 miliyoni inagona ili ndi ngongole ya K11.8 biliyoni n'kudzuka ili ndi ya K17 biliyoni. K5.2 biliyoni yowonjezerayo imalembedwa ngati kuluza, ndipo imadya phindu la chaka chimenecho. Airtel Malawi inatseka chaka cha 2023 italuza, makamaka chifukwa cha kugwa kwa kwacha, ngakhale anthu sanasiye kuimba mafoni ndi kutumizirana ndalama. Kampani imene imagulitsa katundu wake kunja n'kulandira madola imaona zosiyana, pakuti madola omwewo amabweretsa makwacha ambiri.

Onani zimene zimachitikira P/E m'chaka chotero. Kampani ikaluza, nambalayo imakhala yopanda tanthauzo, ndipo pa pepala pamakhala chizindikiro chochotsera kapena sipalembedwa kanthu. Phindu likangotsala pang'ono, P/E imalumpha kufika pa 60 kapena 100. Munthu woyang'ana mzere wokhawo anganene kuti sheyayo ndi yodula mopanda nzeru, pamene mwina bizinesi yake ikuyenda bwino ndipo vuto linali la chaka chimodzi. Winanso akanayang'ana miyezi ingapo kwacha isanagwe akanaona P/E yabwino, osadziwa kuti pansi pake pagona ngongole ya madola. Mzere wofunika kuufufuza mu lipoti ndi umene uli ndi mawu akuti foreign exchange loss, pamodzi ndi tsamba limene likusonyeza ngongole za m'ndalama zakunja.

Pa mabanki nkhani ya ngongole ndi ina. Ndalama zimene inu mumasungitsa kubanki ndi ngongole ya bankiyo kwa inu, choncho banki iliyonse imaoneka ngati ili ndi ngongole zochuluka, ndipo imeneyo ndiyo ntchito yake. Muyeso umene umaopsa pa kampani ya mafoni suopsa mofanana pa banki. Chofunika kuona pa banki ndi kuchuluka kwa ngongole zimene makasitomala ake akulephera kubweza.

Nanga tiigwiritse ntchito bwanji?

Choyamba, yerekezani zofanana. Ikani mabanki pambali pa mabanki anzawo, TNM pambali pa Airtel, MPICO pambali pa ICON, Sunbird pambali pa Blantyre Hotels. Banki imodzi ikakhala ndi P/E ya 7 pamene anzake ali pa 12, pamenepo pali funso labwino loti mufufuze: kodi ogula sanaione, kapena akudziwa za ngongole zoipa zimene inu simunazimve? Nambala yotsika ndi chifukwa choyambira kufunsa, si yankho. Chenjerani ndi makampani monga Press Corporation ndi NICO Holdings, amene ali ndi magawo m'mabizinesi osiyanasiyana. P/E yawo ndi chisakanizo, ndipo palibe kampani imodzi yofanana nawo ndendende.

Chachiwiri, kumbukirani kuti msika wathu ndi waung'ono, uli ndi makampani osafika 20. Kampani ya shuga ilipo imodzi yokha, choncho palibe inzake yoiyerekeza nayo. Zikatero iyerekezeni ndi mbiri yake. Tengani EPS ya zaka zisanu, imene makampani ambiri amaisonyeza mu lipoti la pachaka, muone ngati mzere wake ukukwera pang'onopang'ono kapena ukudumphadumpha. Ngati ukudumphadumpha, gwiritsani ntchito ya pakatikati monga tinachitira ndi K250 ija. Dziwani kuti makwacha a zaka zisanu zapitazo anali amphamvu kuposa a lero, ndiye samuyi imachepetsako phindu lakale. Ikuthandizani kuona mmene phindu limayendera, osati kupeza nambala yeniyeni.

Chachitatu, funsani kuti phindu limene lagwiritsidwa ntchito ndi la liti. Mabanki amatseka mabuku awo pa 31 Disembala, pamene Illovo imatseka pa 31 Ogasiti. Pa tsiku limodzi, P/E ya kampani ina ikhoza kukhala yowerengedwa ndi phindu la miyezi iwiri yapitayo, ya inzake ndi phindu lakale pafupifupi chaka chathunthu. Mitengo ikamakwera msanga, kusiyana kumeneku si kwakung'ono. Pali chokuthandizani: malamulo a msikawu amafuna kuti kampani ichenjeze anthu ikadziwa kuti phindu lake lisiyana ndi la nyengo yapita ndi 20 peresenti kapena kuposerapo. Chilengezo chimenechi chimatuluka m'nyuzipepala ndi mutu wakuti Trading Statement. Mukachiona, werengeraninso P/E ndi phindu latsopanolo.

Chachinayi, onani ngati sheyayo imagulidwa ndi kugulitsidwa kawirikawiri. Masheya ena amatha masiku osasintha manja, kapena amangosintha ochepa kwambiri. Mtengo wa pa pepala ndi wa malonda omaliza, ndipo suthandiza ngati palibe wogula tsiku limene mukufuna ndalama zanu. Kwa wamalonda amene angafune mpamba wake mwadzidzidzi pooda katundu wa Khirisimasi, zimenezi n'zofunika kuposa P/E. Ndalama yoyendetsera geni ya tsiku ndi tsiku isalowe m'masheya.

Chomaliza, yerekezani ndi zimene ndalama yomweyo ingapange kwina. P/E ya 12 ikutanthauza phindu la K8 ndi kanthu pa K100 iliyonse. Funsani kubanki kuti akupereka zingati mukasungitsa ndalama kwa chaka osaikhudza. Ngati akupereka zoposa pamenepo, sheyayo ikhala yanzeru pokhapokha muli ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti phindu la kampaniyo lipitiriza kukula.

Zimene ndinamuuza mayi uja

Sindinamusankhire kampani, ndipo inunso sindikusankhirani. Ndinamupempha kuti asanapereke K600,000 yake apite kwa ogulitsa masheya ovomerezeka ndi mafunso atatu olembedwa pa pepala. Loyamba, EPS ya kampaniyi inali zingati chaka chilichonse pa zaka zisanu zapitazi? Lachiwiri, m'phindu la chaka chathachi, ndi zingati zimene zinali ndalama zolowa ndipo ndi zingati zimene zinali kukwera kwa mitengo ya katundu papepala? Lachitatu, kampaniyi ili ndi ngongole zingati za madola?

Atamva mafunsowo anaseka n'kunena kuti ndi omwewo amene anafunsa pogula benchi yake mumsika zaka zapitazo: malonda amayenda bwanji m'miyezi ya njala, ndalama za m'kabuku ndi zingati zimene zinalipiridwa, ndipo mwini wake ali ndi ngongole kwa ndani. Ngati wogulitsa masheya sangayankhe mafunso atatuwa, kapena akungobwereza kuti P/E ndi yotsika, bwererani ndi ndalama zanu mukadikire lipoti la pachaka.